Pulinta yasowa mutasintha rauta? Yambani mwayerekeza maadiresi awiri

Rauta yatsopano ikafika mu ofesi, mafoni ndi malaputopu savuta. Aliyense amafunsa pasiwedi, kuilemba, basi intaneti yayamba. Pulinta ndiyo imatsalira, chifukwa iyo sifunsa munthu. Mumadzazindikira m'mawa mwake kasitomala ataima pa kauntala: pulinta yayaka bwinobwino, mapepala alimo, inki ilimo, koma pa kompyuta palembedwa `Offline`, ndipo pa foni sikuoneka n'komwe.

Anthu ambiri muno mu Chipata akafika pamenepa amathamangira kuchotsa pulogalamu ya pulinta n'kuiikanso, ena amanyamula makinawo kupita nawo kwa okonza. Ndikupemphani, musayambe ndi zimenezo. Ngati dzulo imasindikiza ndipo chomwe chasintha ndi rauta yokha, pulintayo ilibe vuto. Ikungosunga zinthu za rauta yakale: mwina dzina la wayifayi ndi pasiwedi yake, mwina adiresi. Nthawi zina pulinta imakhala yalowa kale pa netiweki yatsopano, koma kompyuta ikuifunabe pa adiresi yakale. Kuti mudziwe vuto lanu ndi liti pa atatuwa, mufunika manambala awiri okha, adiresi ya kompyuta ndi adiresi ya pulinta.

Musanayambe, yang'anani kuseri

Ngati pulinta yanu imalumikizidwa ndi kebulo ya netiweki, itsatireni kebuloyo ndi dzanja mpaka komwe yathera. Posintha rauta, munthu amazula zingwe zonse, ndipo sikuti zonse zimabwerera. Nthawi zambiri ya pulinta imapezeka ili pansi kuseri kwa kabati, kapena ikadali mu rauta yakale imene yaikidwa m'katoni. Ilowetseni mu rauta yatsopano pa bowo lolembedwa `LAN`. Pewani lolembedwa `WAN`, chifukwa limenelo n'lolandirira intaneti yochokera kunja. Marauta ena a simu ali ndi bowo limodzi lolembedwa `LAN/WAN`, ndipo ngati mabowo ena alipo, sankhani enawo. Mukailowetsa imveke kuti "tha", ndipo kanyali kakang'ono pa bowo la pulinta kayake kapena kaziphethira. Kakapanda kuyaka, yesani kebulo ina musanaganize zina.

Kenako zimitsani pulinta, dikirani rauta iyake mokwanira, ndipo muyatsenso pulinta. Kutsatana kumeneku n'kofunika. Pulinta imapempha adiresi pamene ikuyaka, ndiye rauta izikhala itadzuka kale.

Adiresi ya kompyuta

Pa kompyuta imene ikulowa pa intaneti kudzera pa rauta yatsopano, dinani batani la Windows pamodzi ndi `R`, lembani `cmd`, dinani `Enter`. Pa kabokosi kakuda kamene katseguke lembani:

```
ipconfig
```

Pabwera mizere yambiri, koma inu funani itatu iyi pansi pa wayifayi kapena kebulo yomwe mukugwiritsa ntchito:

```
IPv4 Address. . . : 192.168.8.101
Subnet Mask . . . : 255.255.255.0
Default Gateway . : 192.168.8.1
```

Mzere woyamba ndi adiresi ya kompyuta yanu, womaliza ndi adiresi ya rauta. Zilembeni papepala. Adiresi ili ndi zigawo zinayi zolekanitsidwa ndi timadontho. Mzere wapakati ukakhala `255.255.255.0`, monga zimakhalira m'nyumba ndi m'maofesi ang'onoang'ono pafupifupi onse, zigawo zitatu zoyambirira zili ngati dzina la mudzi, ndipo chachinayi ndi nyumba ya m'mudzimo. Kompyuta ndi pulinta zimamvana pokhapokha zigawo zitatu zoyambirirazo zikafanana, koma chachinayi chikhale chosiyana.

Apa ndi pamene kusintha rauta kumaluma. Marauta sagwiritsa ntchito manambala amodzi. Ambiri amabwera ndi `192.168.1.1`, ena `192.168.0.1`, ndipo ambiri a Huawei olowetsa simu amabwera ndi `192.168.8.1`. Ndiye mukachoka pa kampani ina ya intaneti kupita pa ina, kapena mukangogula rauta ya mtundu wina, manambala a ofesi yonse amatha kusintha inu osadziwa. Mafoni amatsatira okha. Chipangizo chimene wina anachilembera adiresi pamanja sichitsatira.

Adiresi ya pulinta

Musaifunse kompyuta, chifukwa idzakuuzani zakale. Ifunseni pulinta mwini wake. Ngati ili ndi sikirini, lowani pa `Settings` kapena `Setup`, kenako `Network`, mupeze pomwe palembedwa `IP Address`. Chabwino koposa n'kusindikiza tsamba la netiweki, lomwe pa mapulinta ambiri limatchedwa `Network Configuration` kapena `Network Status`. Tsamba limeneli limatuluka ngakhale pulinta isakulumikizana ndi kompyuta iliyonse. Pa mapulinta opanda sikirini limatuluka mukadina kapena kugwira batani lokhala ndi chilembo `i`, kapena la wayifayi. Kadinidwe kake kamasiyana malinga ndi mtundu, choncho onani kabuku kake.

Patsambalo yang'anani zinthu zitatu: `SSID`, lomwe ndi dzina la wayifayi imene pulinta ikuifuna, `IP Address`, ndi mzere wonena mmene adiresiyo inapezekera. Pakalembedwa `DHCP` kapena `Auto`, ndiye kuti imapatsidwa ndi rauta. Pakalembedwa `Manual` kapena `Static`, munthu anailemba pamanja.

Tsopano ikani mapepala awiri aja pamodzi.

Adiresi ya pulinta ikakhala `0.0.0.0` kapena yoyamba ndi `169.254`

Pulinta sinalowe pa netiweki. Adiresi yoyamba ndi `169.254` imadzipatsa yokha ikapempha kwa rauta koma osayankhidwa. Ngati ndi ya kebulo, bwererani ku kebulo ija. Ngati ndi ya wayifayi, onani `SSID`, ndipo mosakayikira mupeza dzina la rauta yakale.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba n'kuiphunzitsa pulinta dzina latsopano: pa sikirini yake pitani pa `Wireless Setup Wizard` kapena `Wi-Fi Setup`, sankhani dzina la rauta yatsopano, lembani pasiwedi. Lembani mofatsa, chifukwa timabatani ta pulinta n'tovuta ndipo chilembo chachikulu ndi chaching'ono si chimodzi. Kwa yopanda sikirini, dinani batani la `WPS` pa rauta, kenako la wayifayi pa pulinta pasanathe mphindi ziwiri, zilumikizana zokha.

Yachiwiri, imene ine ndimaikonda ngati mu ofesi muli zipangizo zambiri, n'kusintha rauta yatsopano kuti itenge dzina ndi pasiwedi za yakale. Tsegulani burawuza, lembani adiresi ya `Default Gateway` ija, lowani ndi pasiwedi yomwe ili pa kapepala komatidwa pansi pa rauta, ndipo pa gawo la wayifayi lembani dzina lakale ndendende, chilembo ndi chilembo, mipata yomwe. Pulinta, kamera ndi mafoni zibwerera zokha. Kungoti rauta yakale ikhale yozima, kuti pasakhale mayina awiri ofanana m'chipinda chimodzi. Ndipo ngati munasintha rauta chifukwa pasiwedi yakale inafika kwa aneba onse, njira imeneyi si yanu.

Bwanji ngati dzina la rauta yatsopano silikuoneka pa mndandanda wa pulinta, pomwe pa foni likuoneka? Mapulinta ambiri, makamaka akale ndi otchipa, amamva wayifayi ya 2.4 GHz yokha, pomwe marauta atsopano amaulutsa 2.4 GHz ndi 5 GHz. Lowani mu rauta muone ngati 2.4 GHz ndi yoyatsa. Ngati ziwirizi zaphatikizidwa pa dzina limodzi ndipo pulinta ikukana, zilekanitseni, chilichonse chikhale ndi dzina lake. Pomwepo yang'ananinso chitetezo. Chikakhala `WPA3` chokha, pulinta yakale imaliona dzina koma imakana pasiwedi ngakhale mwailemba molondola. Sankhani `WPA2`. Musachotseretu pasiwedi pofuna kuti pulinta ilowe. Bando yanu idzatha tsiku lomwelo.

Zigawo zitatu zoyambirira zikasiyana

Vuto ili ndi limene limasokoneza anthu kwambiri, chifukwa chilichonse chimaoneka bwino. Kebulo ili m'malo, kanyali kakuphethira, pulinta ili ndi adiresi yooneka yabwinobwino.

Ndi zomwe zinachitika pa kashopu kena ka fotokope ndi kutaipa makalata kufupi ndi msika wa Kapata. Mayi mwini shopu anachotsa rauta yakale n'kuika ya simu. Pulinta yawo yaikulu ndi ya kebulo, ndipo makompyuta awiri amasindikizira pomwepo. Nditafika anandiuza kuti, "Bambo, intaneti ikugwira, koma makinawa angoti zii. Mnyamata wanga wachotsa pulogalamu n'kuiikanso, palibe chasintha." Ndinawapempha kuti, "Amayi, tandisindikizireni tsamba la netiweki tione kaye." Linatuluka chonchi:

```
IP Address:      192.168.1.50
Subnet Mask:     255.255.255.0
Default Gateway: 192.168.1.1
IP Mode:         Manual
```

Kompyuta inali pa `192.168.8.101`. Yankho linali pa chigawo chachitatu: pulinta ili pa 1, kompyuta ili pa 8. Amene anaika pulintayo kalekale anailembera adiresi pamanja kuti isamasinthe, ndipo anachita bwino pa nthawiyo. Koma adiresi yolembedwa pamanja sisuntha ngakhale rauta isinthe.

Tinalowa pa sikirini ya pulinta, pa `Network`, kenako `TCP/IP`, n'kusintha `Manual` kukhala `DHCP`. Titaizimitsa ndi kuiyatsanso, tsamba latsopano linaonetsa `192.168.8.103`. Apo inali italowa.

Pulinta ikakhala yopanda sikirini, pali batani kapena kadinidwe kobwezera za netiweki mmene zinalili pogula, kotchedwa `Restore Network Settings` kapena `Network Reset`. Chenjerani kuti musasankhe kobwezera makina onse, chifukwa pa mapulinta a mu ofesi mungafafanize manambala ndi maadiresi a sikani amene munasunga.

Ena amakonda kusintha rauta m'malo mwa pulinta, kuibweza pa `192.168.1.1` pa gawo la `LAN` kapena `DHCP`. Zimatheka, ndipo n'zanzeru ngati muli ndi zipangizo zingapo za adiresi yapamanja, monga makamera ndi makina a pa kauntala. Ngati ndi pulinta imodzi yokha, sinthani pulintayo.

Zigawo zitatu zikafanana koma sikusindikizabe

Pamenepa pulinta ili pa netiweki. Chatsala n'kudziwa ngati kompyuta ikuifikira. Pa kabokosi kakuda kaja lembani `ping` ndi adiresi ya pulinta yanu:

```
ping 192.168.8.103
```

Werengani yankho mpaka kumapeto kwa mzere. Yankho labwino limaoneka chonchi:

```
Reply from 192.168.8.103: bytes=32 time=2ms TTL=64
```

Pali lina lonyenga, loyambanso ndi `Reply from` koma lothera ndi `Destination host unreachable`. Limenelo si pulinta ikuyankha ayi, ndi kompyuta yanu yomwe ikukuuzani kuti sinaipeze. `Request timed out` ndiyenso kulephera.

Ikalephera pomwe manambala akufanana, kayikirani rauta. Onani ngati kompyuta kapena pulinta yalowa pa wayifayi ya alendo, ya dzina lokhala ndi `Guest`. Imeneyo inapangidwa dala kuti olowapo apeze intaneti koma asaonane ndi zipangizo za m'nyumba. Mu rauta mulinso chosankha chotchedwa `AP Isolation` kapena `Client Isolation`, chomwe chimaletsa zipangizo za pa wayifayi kulankhulana. Chikakhala choyatsa, chizimitseni. Ndipo yang'anani laputopuyo kuti sili pa hotisipoti ya foni ya wina, chifukwa masiku amene intaneti imavuta anthu amazolowera kulumikiza pamenepo, laputopu n'kumabwererako yokha.

Ikayankha bwino, tsegulani burawuza mulembe adiresi ya pulintayo. Mapulinta ambiri a netiweki amatsegula tsamba lawo loonetsa dzina ndi inki yotsala. Mukaliona, mwatsimikiza kuti amene akuyankhayo ndi pulinta, osati foni ya munthu imene yatenga nambala imeneyo.

Ku shopu kuja `ping` inayankha, tsamba linatseguka, koma makalata sanatulukebe. Chifukwa chake n'chakuti Windows imasunga adiresi ya pulinta pamalo otchedwa `Port`, ndipo pamenepo panali padakali `192.168.1.50`. Kukonza kwake n'kotere. Pa Windows 11 pitani pa `Settings`, `Bluetooth & devices`, `Printers & scanners`. Pa Windows 10 ndi `Settings`, `Devices`, `Printers & scanners`. Sankhani pulinta yanu, dinani `Manage` ngati ndi Windows 10, tsegulani `Printer properties`, kenako `Ports`. Mzere wokhala ndi chizindikiro ndiwo ukugwira ntchito. Dinani `Add Port`, sankhani `Standard TCP/IP Port`, dinani `New Port`, lembani adiresi yatsopano, malizani, dinani `Apply`. Mutha kungodina `Configure Port` n'kusintha nambala mkati mwa wakale, koma dzina la mzerewo limatsala ndi nambala yakale, ndipo mudzasokoneza amene adzabwere kudzakonza pambuyo panu. Pangani watsopano.

Ngati mzere wosankhidwawo ukuyamba ndi `WSD`, mulibe nambala yoti musinthe, chifukwa Windows imaifufuza yokha pulintayo. Kufufuzako kumalephera kawirikawiri rauta ikasintha, popeza Windows imaiona netiweki yatsopano ngati ya pagulu n'kutseka zofufuza. Mu `Settings` pitani pa `Network & internet`, tsegulani `Properties` ya netiweki yanu, musinthe `Public` kukhala `Private`. Chitani zimenezi pa netiweki ya kwanu kapena ya ku ofesi kokha, osati ya ku loji kapena ku malo odyera. Kusinthaku n'kofunikanso ngati pulinta yanu ndi yolumikizidwa ku kompyuta imodzi ndipo enawo amasindikizira kudzera pa kompyutayo.

Musanayese, tsegulani mzere wa zodikira kusindikizidwa mufafanize zonse. Pa shopu paja munali makalata a dzulo lonse, chifukwa aliyense ankadina `Print` kangapo poona kuti sizikutuluka. Mukapanda kufafaniza, pulinta ikangolumikizana imayamba kulavula zonsezo, mapepala ndi inki n'kupita pachabe. Mukaona `Use Printer Offline` ili ndi chizindikiro, chichotseni. Kenako dinani `Print Test Page`. Ndipo kumbukirani kuti kompyuta iliyonse ili ndi `Port` yakeyake. Mukakonza imodzi, pitani pa inzake.

Kuti isasowenso magetsi akathima

Pali chinthu chimodzi chimene chimatsala, ndipo mukachisiya mudzaitananso wokonza sabata yamawa. Adiresi ya `DHCP` ndi yobwereka. Magetsi akathima n'kuyakanso, zipangizo zimapempha maadiresi mopikisana, ndipo marauta ena ang'onoang'ono amaiwala kuti nambala iti inali ya yani. Foni ya wantchito itha kutenga `103`, pulinta n'kupatsidwa `105`, pomwe makompyuta akuifunabe pa `103`. Kwathu kuno, komwe magetsi amathimathima, zimenezi si zachilendo.

Mankhwala ake n'kuiuza rauta kuti nambala imeneyo ndi ya pulinta nthawi zonse. Mu rauta, pansi pa `DHCP`, funani `Address Reservation`, `Static Lease` kapena `IP and MAC Binding`. Mayina amasiyana koma ntchito ndi imodzi. Idzafuna `MAC Address` ya pulinta, yomwe ili pa tsamba la netiweki lija, ya zilembo ndi manambala 12 olembedwa awiriawiri. Pulinta yokhala ndi kebulo ndi wayifayi ili ndi ziwiri zosiyana, ndiye tengani ya njira imene mukugwiritsa ntchito. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti pulinta imakhalabe pa `DHCP`, choncho tsiku lomwe mudzasinthenso rauta idzalowa yokha, inu n'kungokonza `Port`.

Rauta ya ku shopu ija inalibe chosankha chimenechi. Ndiye tinabwerera ku adiresi yapamanja, koma ya manambala atsopano. Tinaona mu rauta kuti imagawa maadiresi kuyambira `192.168.8.100` mpaka `192.168.8.200`, choncho tinasankha nambala ya kunja kwa mpata umenewo, kuti isadzaperekedwenso kwa foni ya wina:

```
IP Address:      192.168.8.50
Subnet Mask:     255.255.255.0
Default Gateway: 192.168.8.1
```

Musanaitenge nambala yotere, ichiteni `ping` kaye. Ikayankha, ili kale ndi mwini wake, sankhani ina. Titatero tinasinthanso `Port` pa makompyuta onse awiri kuti iloze ku `192.168.8.50`, n'kulemba adiresiyo ndi mawu akuti "yapamanja" pa kapepala, n'kumata pambali pa pulinta. Ngati mwaganiziratu zoika adiresi yokhazikika, yambani ndi imeneyo musanakhudze makompyuta, kuti musagwire ntchito kawiri.

Yesani ntchito yanu musanakhale pansi. Zimitsani rauta ndi pulinta pa soketi, yatsaninso zonse nthawi imodzi monga zimachitikira magetsi akabwera, dikirani mphindi zitatu kapena zinayi, musindikize kuchokera pa kompyuta iliyonse. Mafoni safuna `Port`, amaipeza okha pulinta bola ali pa wayifayi ya rauta yomweyo, osati pa data ya simu. Ngati pulogalamu ya pa foni ikusungabe pulinta yakale, ichotseni pa mndandanda muifufuzenso. Ndipo ngati makina anu amatumiza sikani ku foda ya pa kompyuta, tsegulani tsamba la pulinta mu burawuza muone adiresi ya kompyuta imene inalembedwamo, chifukwa nayonso ikhala ikadali ya manambala a rauta yakale.